Mawu a pansi pa chithunzi cha puloti: momwe tinalembera pogulitsa malo a azakhali ku Kasungu

Zithunzi za mapuloti ogulitsa zimangofanana zonse: udzu, mtengo umodzi wa mango, mwina mulu wa njerwa chapambali, kumwamba kuli mbee. Munthu amene ali ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Joni sangadziwe kanthu poyang'ana chithunzi chotere. Chimene chimamuuza ngati ayenera kuwononga ndalama ya thiransipoti kubwera ku Kasungu ndi mawu amene mwalemba pansi pake. Koma ambiri amangoti, "Puloti yaikulu ikugulitsidwa ku Kasungu, malo abwino, pafupi ndi tauni, ofuna andipeze." M'mawu amenewa mulibe chinthu ngakhale chimodzi chimene wogula angachitsimikize ataima pamalopo. Yaikulu motani? Pafupi kwa munthu wa galimoto kapena wa pansi? Ine ndikufuna ndifotokoze momwe tinalembera mawu athu pamene ndinkathandiza azakhali anga kugulitsa puloti imene malemu amuna awo anasiya, chifukwa ndaona anthu ambiri akuvutika ndi mafoni opanda pake, ena mpaka kukangana ndi ogula, pa zinthu zoti akanazithetsa ndi mizere yochepa chabe.

Pulotiyo ili kunja pang'ono kwa tauni, mbali ya msewu wopita ku Nkhotakota. Azakhali ankafuna ndalama yomalizira kufolera nyumba imene akukhalamo ndi malata. Iwo foni ya WhatsApp alibe, ndiye ntchito yojambula ndi kulemba inagwera ine. Tisanajambule n'komwe ndinawafunsa kuti, "Azakhali, malowa ndi aakulu bwanji?" Anandiyankha kuti, "Mwanangu, bambo ako aja ankati ndi 25 kwa 35. Anayeza ndi amfumu tsiku logula lija." Nditafunsa kuti anayeza ndi chiyani, anati ndi mapazi.

Apa ndi pamene nkhani zambiri za mapuloti zimayambira kupotoka. Sitepe ya munthu wamkulu poyenda bwinobwino siikwana mita. Nthawi zambiri imakhala masentimita 70 kapena 80, ndiye masitepe 30 akhoza kungokhala mamita 21 kapena 24. Wina akamayeza malo oti agule amatambasula miyendo, wina akamayeza malo oti agulitse amaifupikitsa, onse n'kumati ayeza bwino. Tsono mukalemba "25 kwa 35" osanena kuti ndi chiyani, wogula amawerenga ngati mamita, ndipo tsiku lobwera amabwera ndi tepi.

Ndinabwereka tepi ya mamita 50 kwa mmisiri womanga nyumba, ndinaitana eni mapuloti a mbali zonse ziwiri ndi mwana wa amfumu amene amadziwa malire a kuderako, n'kuyamba kuyeza. Kuitana oyandikana nawo musakuone ngati kutaya nthawi. Malire a pulotiyo anali zitsa za khonje ndi mtengo wa mthethe pangodya imodzi, ndipo pangodya ina khonje anali atafalikira moti sitikanadziwa chitsa choyambirira popanda mayi wa puloti yoyandikana, amene analoza n'kuti, "Achimwene, chenicheni ndi ichi, zinazi zaphukira pambuyo." Titagwirizana, tinakhoma zikhomo pangodya zonse zinayi, n'kukoka tepi molunjika kuchoka pa chikhomo kufika pa chinzake, osati motsatira kanjira kokhotakhota.

Zimene tinapeza ndi izi: kutsogolo, mbali ya msewu, mamita 24, kumbuyo mamita 19, mbali imodzi 36, inayo 34. Puloti yopanikizika kumbuyo. Kuti mupeze kukula kwa malo otere mongoyerekeza, phatikizani kutsogolo ndi kumbuyo n'kugawa pawiri, mupeza 21.5. Chitani chimodzimodzi ndi mbali ziwiri zija, mupeza 35. Mukachulukitsa 21.5 ndi 35 zikukupatsani masikweya mita pafupifupi 750. Njira imeneyi imagwira pa malo amene sanapendekeke kwambiri. Ngati puloti yanu ili ndi ngodya zisanu kapena ndi yosongoka, imeneyo ndi ya saveya. Tsopano taonani: tikanalemba 25 kwa 35 monga ankanenera malemu, tikanakhala tikulonjeza masikweya mita 875. Kusiyana kwake ndi 125, malo oti munthu akhoza kumangapo nyumba yonse ya zipinda zitatu. Wogula amene wapeza kusiyana kotere ndi tepi yake sakhulupiriranso china chilichonse chimene mwalemba, ngakhale chikhale choona.

Panabweranso dobadoba wina wa m'tauni amene anamva kuti malowa akugulitsidwa. Iye anati, "Akulu, musavutike ndi manambala, ingolembani kuti kota ekala, anthu amakopeka." Ndinakana. Ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, ndiye kota yake imapitirira pang'ono 1,000. Yathu ya 750 siinkafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a ekala. Pa nkhani ya maekala chenjerani ndi chinthu chinanso. Kumudzi timakonda kunena kuti ekala ndi 70 kwa 70, ndipo zimenezi zili pafupi ndi zoona ngati mukuyeza mayadi. Mukayeza mamita, ekala imakhala pafupifupi 64 kwa 64. Amene akugulitsa munda m'malo mwa puloti alembe chimene anayezera, ndipo akafuna kutchula hekitala adziwe kuti ndi mamita 100 kwa 100, pafupifupi maekala awiri ndi theka. Ife tinangolemba mbali zonse zinayi momwe zilili, kenaka kukula kwake koyerekeza. Munthu wofuna kumanga amafuna kudziwa makamaka kutsogolo, chifukwa ndi kumene kudzakhale geti, ndipo ndi kumene kumamuuza ngati galimoto idzadutse m'mbali mwa nyumba.

Kukula kutatha, tinabwera pa zozungulira malowo, ndipo apa ndi pamene ndinakhalitsa. Mawu akuti "pafupi ndi tauni" ndinawakana. Ndinapempha mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto kuti tiyambire pa depoti ya Kasungu, ndikuyang'ana pa mita ya njingayo mpaka pa puloti. Anakwana makilomita anayi: atatu pa tala, imodzi pa msewu wa fumbi. Ndinayerekezanso ndi Google Maps, zinagwirizana. Ndinalemba zomwezo, tala payekha, fumbi palokha, chifukwa kwa munthu wogwira ntchito m'tauni kilomita ya fumbi ya mwezi wa Febuluwale si yofanana ndi ya mwezi wa Ogasiti. Msewu wathu wa fumbiwo ndi wa mchenga, monga malo ambiri a ku Kasungu, ndipo galimoto yaing'ono imafika chaka chonse kupatula pamalo amodzi potsika, pamene madzi amaima mvula ikagwa yambiri. Tinalemba zimenezonso. Azakhali anadandaula kuti, "Iwe, ukalemba za matope anthu sathawa?" Ndinawauza kuti amene angathawe chifukwa cha mzere umenewo akanathawabe atafika, koma atatidyera kale tsiku.

Nkhani ya magetsi ndi madzi ndiyo imene anthu amanamizana kwambiri osadziwa kuti akunama. "Magetsi ali pafupi" akhoza kutanthauza waya waukulu wodutsa pamwamba kupita kutali, umene simungakokeko magetsi a m'nyumba popanda thiransifoma. Chimene wogula akufuna kudziwa ndi nyumba yapafupi imene ikuyaka kale magetsi a ESCOM, ndi mtunda wochoka pa pholo lomaliza kufika pa puloti, chifukwa mtunda ukatalika pamafunika mapholo owonjezera ndipo ndalama yolumikizira imakwera. Ife tinayeza: pholo lomaliza linali mamita 80 kuchoka pangodya ya kutsogolo. Ndipo ngati waya waukulu ukudutsa pamwamba pa puloti yanu yeniyeniyo, nenani, chifukwa pansi pake saloleza kumanga, ndiye malo omangapo amachepa.

Madzi chimodzimodzi. Ku Kasungu aliyense amadziwa momwe madzi amavutira dzuwa likafika pachimake mu Okotobala ndi Novembala. Mipope ya Central Region Water Board inali isanafike kuderalo, ndiye sitinalembe kuti "madzi alipo". Tinalemba kuti mpope kulibe, pali mjigo pa mtunda wa mamita 200, ndipo oyandikana nawo ali ndi chitsime chokumba pamanja chimene chimachepa madzi m'chilimwe. Za chitsimezo ndinafunsa mwini wake, sindinangoganiza.

Panatsala zinthu ziwiri zimene chithunzi sichinkaonetsa bwino. Kumbuyo kwa puloti kunali chulu chachikulu, ndipo chapatali ndithu kumunsi kunali dambo. Chulu ena amachikonda chifukwa dothi lake amaumbira njerwa, ena amachiopa chifukwa cha chiswe ndi ndalama yochigumulira. Si ntchito yanga kumusankhira munthu, ndiye ndinangochitchula. Za dambo ndinalemba kuti pulotiyo ili pamtunda, madzi saimapo, ndipo izi ndinali ndi umboni wake popeza tinkalimapo chimanga zaka zapitazo ndipo sichinamirepo. Mukakhala ndi manda, malo omwera mowa, chigayo kapena tchalitchi pafupi, tchulani. Chigayo kwa wina ndi phokoso, kwa wina ndi chizindikiro choti malowo akutukuka.

Chithunzi nachonso chiyenera kugwirizana ndi mawu. Tinayamba tatchetcha udzu kuti nthaka ioneke, tinamangirira timapepala ta pulasitiki toyera pa zikhomo zija kuti ngodya zizioneka, ndipo ndinajambula m'mawa nditaima pa msewu, dzuwa lili kumbuyo kwanga. Mzere woyamba wa mawu unanena pamene ndinaima, komanso kuti nyumba ya malata imene ikuoneka kumanja si ya pa pulotiyo. Zimenezi zikuoneka zazing'ono, koma anthu amagula ndi maso. Akaona nyumba kapena mtengo wa mango pachithunzi amauwerengera pa mtengo wa malo. Ena amakonda kujambula moti phiri la Kasungu lioneke kumbuyo kuti malo aoneke ngati ali m'tauni, pamene phirilo limaoneka ngakhale uli kutali kwambiri.

Kenaka mapepala. Apa musakometse chilichonse. Pulotiyi inalibe lizi ndipo inali isanayezedwe ndi saveya, choncho panalibe mabikoni. Chimene azakhali anali nacho ndi kalata ya mgwirizano wa pogula, yosainidwa ndi banja limene linagulitsa, mboni, ndi chidindo cha amfumu. Anthu ambiri amalemba kuti "mapepala onse alipo" akutanthauza kalata ngati imeneyi, pamene wogula akumva lizi imene angapite nayo ku banki. Malamulo a malo m'dziko muno anasintha mu 2016 ndipo anakonzedwanso mu 2022, ndipo amaona mosiyana malo a mafumu, malo a lizi ndi malo a boma. Ndiye tisanaike chithunzi tinapita ku ofesi yoona za malo ku khonsolo kukafunsa ngati pulotiyo ili mkati kapena kunja kwa malire a tauni, ndi ndondomeko yoyenera kutsata posintha umwini. Inunso pitani, chifukwa yankho limasiyana malinga ndi mtundu wa malo anu, ndipo si zonse zimene anthu amagulitsana m'makwalala zimene lamulo limalola. Popeza anali malo a masiye, tinakhalanso pansi ndi ana onse a malemu, kuphatikizapo amene amakhala ku Blantyre, kuti avomereze. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerengera mkazi wamasiye pamodzi ndi ana, ndiye mwana mmodzi wosafunsidwa akhoza kudzatulukira wogula atathira kale maziko.

Mawu amene tinaika pansi pa chithunzi anali awa:

PULOTI IKUGULITSIDWA, KASUNGU. Chithunzichi chajambulidwa titaima pa msewu. Zikhomo zoyera ndizo ngodya. Nyumba ya kumanjayo ndi ya oyandikana nawo.
Kukula, tayeza ndi tepi: kutsogolo mamita 24, kumbuyo 19, mbali 36 ndi 34. Pafupifupi masikweya mita 750.
Kumene ili: mbali ya msewu wa ku Nkhotakota, makilomita 4 kuchokera pa depoti, 3 pa tala, 1 pa fumbi. Galimoto imafika, pali malo amodzi a matope nthawi ya dzinja.
Zozungulira: oyandikana nawo anamanga kale mbali ziwiri. Pholo la magetsi lili pa mamita 80. Mpope kulibe, mjigo uli pa mamita 200. Sukulu ya pulayimale ndi ulendo wa mphindi 15 wapansi. Malo ndi apamtunda, a mchenga, kumbuyo kuli chulu.
Mapepala: kalata ya mgwirizano ya chidindo cha amfumu. Lizi palibe. Akugulitsa ndi mwini wake, banja lonse likudziwa.
Mtengo: K3,500,000, tikhoza kukambirana mutaona malo.
Kufunsa: imbani kapena lembani pa WhatsApp pa nambala ili pachithunziyi, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Kuona malo ndi Loweruka, mwaulere. Tikumana pa depoti. Musatumize ndalama kwa wina aliyense musanaone malo ndi mwini wake.

Pamapeto pake ndinalembapo tsiku ndi mwezi. Chithunzi cha puloti chimayenda m'magulu a WhatsApp miyezi yambiri mwini wake ataiwala, ndipo kwacha ikagwa mphamvu, monga inachitira mu Novembala 2023, mtengo wa miyezi isanu yapitayo umakhala wina. Popanda tsiku, munthu amakuimbirani chaka chamawa n'kumakakamira mtengo wakale.

Za mtengo anthu amasiyana maganizo. Ena amati osaulemba kuti uone kaye nkhope ya wogula. Ine ndimati lembani, ndipo lembani manambala onse. Mukaubisa, mafoni ambiri amene mulandire ndi a funso limodzi lokhalo, ndipo dobadoba amapeza mpata woikapo mtengo wake pamwamba. Mtengo wathu tinaupeza pofunsa eni mapuloti a pafupi amene anagula posachedwa, osati pongolota.

Mbali ya kafunsidwe ndi imene ndikufuna muisamale kwambiri. Tinaika nambala imodzi yokha, yanga, ndipo tinagwirizana pabanja kuti wina aliyense akafunsidwa azilozera kwa ine. Manambala akachuluka, mayankho amachulukanso. Wina anena kuti mtengo ukhoza kutsika, wina akana, wogula n'kuyamba kukayika. Nambalayo sindinailembe m'mawu a pansi, ndinailemba pa chithunzi chenichenicho, chapakati, podutsa pa udzu. Chifukwa chake n'chakuti akuba amatenga chithunzi, n'kufufuta mawu anu, n'kuikapo nambala yawo. Zinatichitikira ndithu: bambo wina anandiimbira kuchokera ku Mzuzu kuti waona chithunzi chathu m'gulu lina chili ndi nambala ina pansi, ndipo mwini nambalayo akumuuza kuti atumize ndalama pa foni "yogwirira malo" chifukwa ofuna ndi ambiri. Chimene chinamupulumutsa n'chakuti anaona manambala awiri akusiyana, n'kuimba ya pachithunzi. Mukailemba m'mphepete amangoidula.

Sindinaikenso pagulu chizindikiro cha pa mapu cholozera pa puloti penipeni. Malo okumanira anali pa depoti, masana, ndipo popita kukaonetsa sindinkapita ndekha. Mukalozera aliyense malo enieni, mudzapeza munthu amene simukumudziwa akuonetsa anthu puloti yanu ngati yake, n'kumawalipiritsa ya kuonera. N'chifukwa chake mzere wakuti kuona malo ndi kwaulere unali wofunika.

Mafoni amene anabwera anali ochepa poyerekeza ndi a anzanga amene amalemba mwachidule, koma anali a anthu odziwa chimene akufuna. Wina anafunsa ngati mbali ya mamita 19 ndi ya kumadzulo kapena kum'mawa, chifukwa ankaganizira kumene khonde lidzayang'ane. Funso limeneli linandionetsa kuti ndi bwino kutchulanso kumene puloti yayang'ana, ndipo ndinawonjezera mzerewo. Mayi wina anati popanda mpope iye sangathe, tinatsanzikana bwinobwino pa foni pomwepo, osawononga ndalama yake ya minibasi.

Amene anagula anali mphunzitsi, anabwera ndi mlamu wake amene ndi mmisiri, tepi ili m'thumba. Anayeza kutsogolo, 24. Anayeza kumbuyo, 19. Anayenda mpaka pa pholo la magetsi, anapita pa mjigo n'kupopa yekha kuti aone ngati ukutulutsa madzi. Atabwerera anawauza azakhali kuti, "Mayi, zonse zili monga munalembera. Tiyeni tikambe za chulu." Anapempha kuti tichotseko ndalama yogumulira chulucho, ndipo azakhali anavomera kutsitsako pang'ono. Panalibe kukangana za malire kapena kukula, chifukwa oyandikana nawo aja analipo ndipo zikhomo zinali pomwe tinazikhoma.

Ndalama sizinaperekedwe tsiku limenelo. Tinapangana tsiku lina lokumana kwa amfumu, ana a malemu alipo, mboni za mbali zonse zilipo, ndipo m'kalata yatsopano ya mgwirizano tinalembamo miyezo inayi yomwe ija, mayina a oyandikana nawo mbali iliyonse, ndi ndalama yonse m'manambala ndi m'mawu. Wogula analipira kudzera ku banki, mu akaunti ya azakhali, kuti pakhale umboni. Madzulo ake ndinabwerera pa Facebook ndi m'magulu onse amene ndinaikamo chithunzi, ndinalemba pamwamba kuti YAGULIDWA ndi tsiku lake, ndipo ndinapempha amene anachitumiza kwina kuti achite chimodzimodzi, kuti wina asadzatolere ndalama za anthu pa puloti imene ili kale ndi mwini watsopano.